Chifukwa chimene maimeji ena otsitsa pa intaneti amakanira pa laputopu za ARM, ndi amene ayenera kusankhidwa

Kuyambira mu Novembala 2020, pamene kampani ya Apple inatulutsa laputopu zoyamba zokhala ndi pulosesa ya M1, ya mtundu wa ARM, anthu ambiri ophunzira za makompyuta akhala akugwa m'vuto limodzi lomwelo. Mphunzitsi kapena buku limawauza kuti atsitse imeji, yomwe ndi fayilo yokhala ndi sisitemu ya kompyuta, mwina ya `.ova`, `.vmdk` kapena `.iso`, ndipo aitsegule m'pulogalamu yoyendetsa makina ongoyerekeza. Anzawo amene ali ndi laputopu za pulosesa ya Intel kapena AMD amamaliza ntchitoyo m'mphindi zochepa, koma iwo amangoona sikirini yakuda, kapena mawu akuti `Shell>` akudikira lamulo, kapenanso uthenga wokana kuyatsa makinawo. Vutoli linakula mu 2024 pamene laputopu za Windows zokhala ndi pulosesa za Snapdragon X za kampani ya Qualcomm zinafika pamsika, chifukwa nazonso ndi za mtundu wa ARM. Nthawi zambiri fayiloyo imakhala yabwinobwino ndipo laputopuyo imakhala yopanda vuto. Chimene chimalakwika n'chakuti malamulo amene ali m'fayilomo analembedwera pulosesa ya mtundu wina.

Pulosesa iliyonse imamva malamulo a mtundu umodzi, olembedwa m'manambala. Pulosesa za Intel ndi AMD zimamva malamulo a banja la x86, amene lamulo limodzi limatha kutalika kuyambira baiti imodzi mpaka mabaiti 15, pamene pulosesa za ARM za mabiti 64 zimamva malamulo amene lililonse ndi la mabaiti 4 ndendende. Chitsanzo chaching'ono chikhoza kuonetsa kukula kwa kusiyanaku. Lamulo louza pulosesa kuti ibwerere kumene inachokera ikamaliza kachigawo ka ntchito limalembedwa ndi baiti imodzi yokha, `C3`, pa x86, koma pa ARM ya mabiti 64 lamulo lomwelo ndi `D65F03C0`. Pulosesa ya ARM ikapatsidwa mabaiti a x86 imawadula anayianayi n'kuyesa kuwamva m'njira yake, ndipo chotulukapo chimakhala lamulo losadziwika kapena lamulo lina losiyana kotheratu ndi limene wolemba pulogalamu ankafuna. Palibe batani limene lingasinthe zimenezi, chifukwa zinamangidwa m'kati mwa pulosesa yeniyeniyo.

Anthu ambiri amaganiza kuti makina ongoyerekeza ndi kompyuta yopeka yonse, moti angathe kukhala a mtundu uliwonse umene munthu akufuna. Maganizowa ndiwo muzu wa chisokonezo chonse. Mapulogalamu monga VirtualBox, VMware Fusion ndi Hyper-V amapeka disiki, khadi la netiweki, sikirini ndi zipangizo zina, koma pulosesa saipeka ayi. Amabwereketsa pulosesa yeniyeni ya laputopu kwa sisitemu ya mlendo, imene ili m'makina ongoyerekezawo, ndipo malamulo a mlendoyo amathamanga mwachindunji pa pulosesayo, pulogalamu yoyang'anira n'kumangolowererapo mlendo akafuna kugwira zipangizo. N'chifukwa chake makina otere amathamanga pafupifupi mofanana ndi kompyuta yeniyeni, ndipo n'chifukwa chakenso mlendo ayenera kukhala wa mtundu wofanana ndi pulosesa ya mwininyumba. Kwa zaka zambiri lamuloli silinkaonekera, popeza pafupifupi laputopu iliyonse inali ya x86, ngakhale za Apple kuyambira mu 2006, ndipo anthu opanga maimeji sankaona chifukwa cholembera kuti imeji yawo ndi ya x86. Maimeji ambiri akale ophunzirira amene adakali pa intaneti ndi a nthawi imeneyo.

Pali njira ina yosiyana ndi imeneyi, yomwe ndi kutsanzira pulosesa. Pulogalamu ya QEMU imatha kuwerenga malamulo a x86 kachigawo ndi kachigawo, n'kumawasandutsa malamulo a ARM pamene mlendo akugwira ntchito. Pulogalamu ya UTM, imene ambiri amagwiritsa ntchito pa Mac ndipo inamangidwa pamwamba pa QEMU, imaonetsa njira ziwirizi poyera munthu akamapanga makina atsopano, chifukwa imafunsa kuti asankhe `Virtualize` kapena `Emulate`. Yoyambayo ndi yobwereka pulosesa ndipo imalola alendo a ARM okha, pamene yachiwiriyo ndi yotsanzira ndipo imalola x86 koma pang'onopang'ono kwambiri. Kuchedwako sikuchokera pa kusandutsa malamulo kokha. Nthawi iliyonse imene mlendo akufuna kuwerenga kapena kulemba m'memori, QEMU imayenera kuwerengera yokha adiresi yeniyeni, ntchito imene pulosesa ikanaichita yokha m'kanthawi kochepa zedi. Komanso x86 imatsatira malamulo okhwima pa dongosolo limene mitima ingapo ya pulosesa, mbali zake zogwira ntchito pazokha, imaonera zolembedwa m'memori, pamene ARM ndi yomasukirapo, choncho kuti mlendo asasokonezeke QEMU kwa zaka zambiri inkayendetsa mitima yonse ya mlendo wa x86 pa mtima umodzi wa laputopu. Munthu ankatha kupatsa mlendo mitima inayi koma liwiro osasintha. UTM ili ndi kabokosi ka `Force Multicore` kokakamiza kugwiritsa ntchito mitima ingapo, koma kumeneko kukhoza kuchititsa mlendo kuuma kapena kugwa mosayembekezereka.

Funso limene limabwera msanga ndi la Rosetta 2, pulogalamu ya Apple imene imayendetsa mapulogalamu a Intel pa Mac za ARM mofulumira ndithu, ndiponso la Prism, imene imachita zofananazo pa Windows 11 ya ARM. Ngati zimenezi zimatha kuyendetsa pulogalamu ya x86, zimalephera bwanji kuyendetsa sisitemu yonse? Yankho n'lakuti zimasandutsa mapulogalamu wamba okha, amene akafuna fayilo kapena netiweki amapempha kwa kenelo, phata la sisitemu lolamulira zipangizo, ndipo keneloyo imakhala ya ARM kale. Kenelo ya mlendo imagwiritsa ntchito malamulo apadera olamulira memori, zipangizo ndi pulosesa yeniyeniyo, ndipo malamulo amenewa Rosetta ndi Prism siziwasandutsa. Pa chifukwa chomwechi, kuika VirtualBox yakale ya Intel pa Mac ya M1, kapena VMware Workstation pa laputopu ya Snapdragon, sikuthandiza, popeza mapulogalamuwa amadalira mbali za pulosesa ya Intel ndi AMD zimene kulibe pa ARM, ndiponso madalaivala a m'kenelo amene sangasandutsidwe.

Chinthu choyamba ndi kudziwa mtundu wa laputopu imene muli nayo. Pa Mac ndi pa Linux lamulo lake ndi ili:

```
uname -m
```

Mac ya ARM imayankha `arm64`, Linux ya ARM imayankha `aarch64`, ndipo mayina awiriwa akunena chinthu chimodzi. Kompyuta ya Intel kapena AMD imayankha `x86_64`, dzina limene Debian ndi Ubuntu amalilemba `amd64` ndipo Microsoft imalilemba `x64`. Dzina la `amd64` lasokeretsa anthu ambiri pa zifukwa ziwiri. Ena amaganiza kuti ndi la pulosesa za AMD zokha, pamene zoona zake n'zakuti AMD ndiyo inayamba kutulutsa x86 ya mabiti 64 mu 2003 ndipo Intel inatsatira, moti dzinali limakhudza makampani onse awiri. Ena amangowerenga mothamanga, chifukwa `amd64` ndi `arm64` zikusiyana zilembo ziwiri zokha zapakati, ndipo kumene intaneti imagulidwa pa bandulo, kutsitsa magigabaiti angapo olakwika chifukwa cha zilembo ziwiri ndi ndalama yotayika. Tsamba likangolemba kuti `64-bit` osatchula china, pafupifupi nthawi zonse limatanthauza x86. Pa Mac palinso msampha wina: ngati Terminal yatsegulidwa kudzera mu Rosetta, `uname -m` imayankha `x86_64` ngakhale laputopuyo ndi ya M1, ndipo lamulo la `sysctl -n sysctl.proc_translated` likayankha 1 ndiye kuti zimenezi ndi zomwe zachitika. Pa Windows, tsamba la `About` m'kati mwa `Settings` limalemba `ARM-based processor` pa mzere wa `System type`.

Chachiwiri ndi kumvetsa kuti mchira wa dzina la fayilo sunena kalikonse za pulosesa. Mafayilo a `.vmdk`, `.vdi`, `.vhdx` ndi `.qcow2` ndi njira zosiyanasiyana zosungira disiki, `.iso` ndi chimbale choikira sisitemu, ndipo `.ova` ndi mtolo wa `tar` wokhala ndi disiki limodzi ndi kafayilo ka `.ovf` kofotokoza makinawo. Zili ngati thumba la chimanga, limene kulisintha kuchoka la saka kupita la pulasitiki sikusandutsa chimangacho kukhala mpunga. Anthu ambiri amataya maola akusandutsa `.vmdk` kukhala `.qcow2` poganiza kuti vuto ndi mtundu wa fayilo, koma kusandutsako kumasiya baiti iliyonse ya m'disikimo monga inalili.

Mmene kulepherako kumaonekera kumatengera pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito. VMware Fusion imanena mosabisa kuti makinawo sangayatsidwe chifukwa akufuna `X86 machine architecture`, imene sigwirizana ndi laputopu ya ARM. UTM nthawi zambiri sinena chilichonse chomveka, imangofika pa `UEFI Interactive Shell` n'kuima pa `Shell>`. Chimene chachitika pamenepo n'chosavuta kuchitsatira. Pulogalamu yoyatsa makina, yotchedwa UEFI, ikapeza chimbale imafufuza fayilo imodzi m'chikwatu cha `EFI\BOOT`, ndipo dzina la fayiloyo limatengera pulosesa: `BOOTX64.EFI` pa x86 ya mabiti 64, `BOOTAA64.EFI` pa ARM ya mabiti 64. UEFI ya ARM ikapanda kupeza `BOOTAA64.EFI` imaona ngati chimbalecho chilibe choyatsira, ndipo imakusiyani pa `Shell>`. Mukhoza kutsimikiza nokha muli pomwepo:

```
fs0:
ls EFI\BOOT
```

Mukaona `BOOTX64.EFI` yokha, chimbalecho ndi cha Intel ndi AMD, ndipo kusintha memori kapena kukula kwa disiki sikuthandiza. Mukaona `BOOTAA64.EFI`, chimbalecho n'choyenera ndipo mwina UEFI yangosokoneza dongosolo la zoyatsira, choncho mungathe kulemba dzina la fayiloyo kuti iyambe. Pa Mac mungathenso kuyang'ana m'chimbale musanapange n'komwe makina, chifukwa lamulo la `tar` la macOS limawerenga mafayilo a `.iso`:

```
tar -tf ubuntu.iso | grep -i "efi/boot"
```

Tsopano tifike pamene ambiri amadabwa kwambiri, pamene imeji ili ya ARM ndithu koma n'kukanabe. Makompyuta a x86 anatengera kapangidwe kamodzi kochokera ku kompyuta ya IBM ya 1981, moti sisitemu imadziwiratu kumene ingapeze zipangizo zofunika ndiponso mmene makina amayakira. ARM inakulira m'mafoni ndi m'timakina ting'onoting'ono, mmene wopanga aliyense ankalumikiza zipangizo m'njira yake, ndipo chifukwa cha zimenezi pali maimeji ambiri a ARM opangidwira bolodi limodzi lokha. Raspberry Pi OS ndi chitsanzo chodziwika. Raspberry Pi siiyaka kudzera mu UEFI, koma ili ndi pulogalamu yakeyake imene imawerenga `config.txt` pa kagawo koyamba ka khadi, n'kukweza kenelo monga `kernel8.img` limodzi ndi fayilo yofotokoza zipangizo za bolodilo. Makina ongoyerekeza a UTM, Fusion, Parallels ndi Hyper-V amaoneka kwa mlendo ngati kompyuta wamba ya ARM yoyaka ndi UEFI, choncho imeji ya Raspberry Pi ikaikidwamo sipezeka ndi choyatsira, ngakhale malamulo ake ndi a ARM ya mabiti 64. Mayina okhala ndi `raspi`, `rpi`, `pinebook` kapena dzina lina la bolodi ayenera kupewedwa. Chimodzimodzinso Fedora Asahi Remix, imene dzina lake limakopa eni Mac: inapangidwa kuti iikidwe pa Mac yeniyeni pambali pa macOS, osati m'makina ongoyerekeza.

Maimeji a ARM ya mabiti 32, olembedwa `armhf`, `armel` kapena `armv7`, nawonso sayenda mwa kubwereka pulosesa pa Mac, chifukwa pulosesa za M1 ndi zotsatira zake zinasiya kotheratu malamulo a ARM a mabiti 32. Apa zikusiyana ndi x86, kumene pulosesa ya mabiti 64 imayendetsabe mlendo wa mabiti 32 popanda vuto, ndipo munthu wozolowera Intel amaganiza kuti ARM ichitanso chimodzimodzi.

Palinso vuto lina lobisika kwambiri, lokhudza kukula kwa masamba a memori. Sisitemu imagawa memori m'zigawo zofanana zotchedwa masamba, ndipo ARM ya mabiti 64 imalola masamba a makilobaiti 4, 16 kapena 64, koma wopanga pulosesa sakakamizidwa kuthandiza makulidwe onse atatu. Pulosesa ya M1 imathandiza 4 ndi 16, koma 64 ayi. Red Hat Enterprise Linux 8 ya `aarch64`, pamodzi ndi CentOS 8, Rocky Linux 8 ndi AlmaLinux 8, inamangidwa ndi kenelo ya masamba a makilobaiti 64, chifukwa inkalingaliridwira maseva akuluakulu. Zotsatira zake n'zakuti chimbalecho chimayaka bwinobwino, menyu ya choyatsira cha GRUB imaoneka, munthu amasankha kuika sisitemu, kenako makinawo amauma kapena kubwerera pa menyu yomweyo. Chizindikiro chimenechi n'chofunika kuchidziwa, chifukwa chikusiyana ndi cha imeji ya x86: apa UEFI yapeza choyatsira chake ndipo chafa ndi kenelo. Red Hat Enterprise Linux 9 inabwerera ku masamba a makilobaiti 4, choncho wophunzira amene akukonzekera mayeso a Red Hat pa Mac ayambire pa 9, kaya ndi Red Hat yeniyeni, Rocky kapena AlmaLinux.

Tiyeni titsatire nkhani imodzi mpaka pamapeto, ya wophunzira za chitetezo cha makompyuta amene ali ndi MacBook Air ya M2 ndipo maphunziro ake akufuna makina awiri: Kali Linux yoyesera kuthyola, ndi Metasploitable 2 ya kampani ya Rapid7, imene inapangidwa dala ndi mabowo achitetezo kuti anthu aziphunzirirapo. Makina awiriwa amafuna njira ziwiri zosiyana, ndipo kuwachitira mofanana ndiko kumalepheretsa ambiri.

Pa Kali, tsamba lotsitsira lili ndi gawo la makina opangidwa kale a VMware ndi VirtualBox, ndipo ambiri amathamangira kumeneko chifukwa mabuku amatero, koma amenewo ndi a `amd64`. Choyenera ndi chimbale choikira chimene dzina lake limathera ndi `installer-arm64.iso`, chimene tsambalo limachiika pansi pa `Apple Silicon (ARM64)`. Mu UTM wophunzirayo asankhe `Virtualize`, kenako `Linux`, apereke chimbalecho, memori ya magigabaiti 4 ngati laputopu ili ndi 8 kapena kuposa, ndi disiki ya magigabaiti 30 kapena 40. Akamaliza kuika sisitemu ayenera kuchotsa chimbalecho m'makina asanayatsenso, apo ayi adzangobwerera koyambirira kwa kuika. Zida zambiri za Kali, monga `nmap` ndi Metasploit, zilipo za ARM ndipo zimathamanga bwino.

Metasploitable 2 ndi nkhani ina. Inamangidwa pa Ubuntu 8.04 ya x86 ya mabiti 32, imabwera ngati disiki ya `.vmdk` m'kati mwa `.zip`, ndipo ya ARM kulibe. Kuimanganso pa ARM sikungakhalenso kwanzeru kwenikweni, popeza phindu lake lili m'mapulogalamu akale omwewo ndi mabowo awo. Apa njira ndi kutsanzira, ndipo mwayi wake n'ngwakuti makinawa ndi opepuka, alibe zithunzi za pa sikirini koma malemba okha, ndipo memori ya mamegabaiti 512 imawakwanira. Disikiyo ikhoza kusandutsidwa motere, ngati QEMU yaikidwa kudzera mu Homebrew, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena pa Mac:

```
brew install qemu
qemu-img convert -O qcow2 Metasploitable.vmdk meta2.qcow2
```

Kusandutsaku n'kongofuna kuti UTM isunge disikiyo m'njira imene inazolowera, ndipo za m'kati zikadali za x86. Mu UTM asankhe `Emulate`, kenako `Other`, apange makina opanda chimbale, ndipo atsegule zosintha za makinawo asanawayatse. Mtundu wa pulosesa ukhale `x86_64` kapena `i386`, ndipo bolodi likhale lakale la `i440FX`. Pa tsamba la `QEMU` achotse chizindikiro pa `UEFI Boot`. Apa ndi pamene ambiri amagwera kachiwiri, chifukwa Ubuntu 8.04 ya m'disikiyi imayaka m'njira yakale ya BIOS ndipo ilibe chikwatu cha `EFI` n'komwe, moti UEFI ikasiyidwa yoyaka munthu amafikanso pa `Shell>` yemwe uja n'kuganiza kuti kutsanzira nakonso kwakana. Kenako achotse disiki yopanda kanthu imene UTM inapanga, alowetse `meta2.qcow2` ndi kuilumikiza ngati `IDE`, ndipo khadi la netiweki likhale lakale lodziwika kwa kenelo ya nthawi imeneyo, monga `e1000` kapena `rtl8139`. Makinawo akayaka amafika pofunsa dzina, ndipo dzina ndi mawu achinsinsi onse ndi `msfadmin`.

Chotsala ndi netiweki, ndipo apa pakufunika kusamala. Metasploitable isaikidwe pa `Bridged`, chifukwa kutero ndi kuika makina odzaza mabowo pa netiweki ya kunyumba kapena ya kusukulu, pamene aliyense angawafikire. Makina onse awiri akhale pa netiweki imodzi ya m'kati mwa laputopu, `Host Only` kapena `Shared Network`, kenako wophunzira aone adiresi ya Metasploitable ndi `ifconfig` n'kuiyesa kuchokera ku Kali ndi `ping`. Netiweki sisamala za mtundu wa pulosesa, choncho Kali ya ARM imalankhulana ndi Metasploitable ya x86 popanda chovuta. Malire amaonekera pa phunziro limene likufuna kumanga kapena kusanthula pulogalamu ya x86 m'kati mwa Kali momwemo, monga maphunziro a kusefukira kwa memori amene amatchula marejisita a `EIP` ndi `ESP`, timalo tosungira manambala m'kati mwa pulosesa. Marejisita amenewa kulibe pa ARM, ndipo pulogalamu ya x86 ikayesedwa mu Kali ya ARM imayankha kuti `Exec format error`. Lamulo la `file` limaonetsa chifukwa chake, popeza limalemba `x86-64` kapena `Intel 80386` pamene pakanayenera kukhala `ARM aarch64`. Phunziro lotero lichitikire m'makina otsanzira a x86 opanda zithunzi, monga Debian yaing'ono, kapena pa kompyuta ina.

Kunja kwa nkhani imeneyi, maimeji oyenera kusankha ndi amene dzina lake lili ndi `arm64` kapena `aarch64`, opanda dzina la bolodi, ndipo ndi a sisitemu yaposachedwa. Debian ili ndi chimbale chaching'ono cha `netinst` cha `arm64`, chimene kwa munthu wa bandulo yochepa ndi poyambira pabwino, ngakhale chimatsitsa zina pamene chikuika. Ubuntu Server ya `arm64` yakhalapo kwa zaka zambiri, ndipo amene ankafuna sikirini ya zithunzi ankaika imeneyo kenako n'kulemba `sudo apt install ubuntu-desktop`, mpaka pamene Ubuntu 25.04 inabwera ndi chimbale cha Desktop cha ARM wamba. Fedora ili ndi `aarch64`, ndipo FreeBSD yakhala ikuthandiza ARM ya mabiti 64 mokwanira kuyambira pa 13.0 mu 2021. Linux Mint ilibe ya ARM, ndipo Arch Linux yeniyeni ndi ya `x86_64` yokha, ya ARM ili m'manja mwa gulu lina. Maimeji a `cloud` a `.qcow2` kapena `.img` a `arm64` amayaka ndithu, koma amabwera opanda mawu achinsinsi chifukwa amayembekeza kukonzedwa ndi `cloud-init`, pulogalamu yokonza makina akamayaka koyamba, choncho woyamba kumene amafika pofunsa dzina n'kusowa cholemba. Kwa iye chimbale choikira n'chabwino kuposa imeji yotere.

Pa Windows, mlendo woyenera ndi Windows 11 ya `Arm64`, imene Microsoft inayamba kuipereka ngati `.iso` kwa aliyense mu Novembala 2024. M'kati mwake mapulogalamu wamba a x86 amayenda kudzera mu Prism, ndipo njira imeneyi ndi yofulumira kwambiri kuposa kutsanzira Windows yonse ya x86, imene pa UTM imachedwa moti sigwirika ntchito ya tsiku ndi tsiku. Chimene sichiyenda ndi madalaivala a x86, choncho pulogalamu yodalira dalaivala wa chipangizo chapadera ikhoza kukana ngakhale Windows ikuyenda bwino. Windows XP ndi Windows 7 zilibe za ARM zoika m'makina otere ndipo zimafuna `Emulate`, ngakhale XP ndi yopepuka moti imapiririka. Pulogalamu yoyendetsa makina nayonso iyenera kukhala ya ARM ndiponso yatsopano mokwanira: VMware Fusion kuyambira pa 13, VirtualBox kuyambira pa 7.1 ya 2024 pa Mac, ndi 7.2 ya 2025 pa Windows ya ARM. Pa laputopu ya Snapdragon yokhala ndi Windows 11 Pro, Hyper-V imayendetsa alendo a ARM okha, ndipo amene akungofuna Linux ya malamulo olemba apeza kuti WSL 2, imene imayendetsa Linux m'kati mwa Windows, imatsitsa yokha Ubuntu ya ARM popanda kumusankhitsa.

Docker, imene imayendetsa mapulogalamu m'timabokosi tapadera totchedwa makontena, ili ndi vuto lomweli m'maonekedwe ena, chifukwa pa Mac imayendetsa makontena m'kati mwa makina ang'onoang'ono a Linux ya ARM. Maimeji ambiri otchuka amabwera ndi mitundu ingapo pansi pa dzina limodzi ndipo Docker imasankha yokha woyenera, koma imeji ikakhala ya x86 yokha pamabwera uthenga wakuti `no matching manifest for linux/arm64/v8`, kapena chenjezo lakuti `linux/amd64` sikugwirizana ndi mwininyumba. Apa zinthu n'zopepukirapo, popeza kontena ilibe kenelo yakeyake koma imabwereka ya makina a Linux aja, ndiye chosandutsidwa ndi mapulogalamu wamba okha. Kuyambira pa macOS 13 ya 2022, Apple inalola Rosetta kugwira ntchito m'kati mwa alendo a Linux ya ARM, ndipo Docker Desktop imatha kuigwiritsa ntchito:

```
docker run --platform linux/amd64 -it ubuntu uname -m
```

Lamuloli limayankha `x86_64` ngakhale kenelo ya pansi pake ndi ya ARM. Mbali inayo ya nkhaniyi imaluma anthu olemba mapulogalamu: imeji yomangidwa pa Mac ya ARM popanda kutchula `--platform` imatuluka ya `arm64`, ndipo ikatumizidwa ku seva ya Intel imafa pomwepo ndi `exec format error`.

Pali ntchito zina zimene, m'kuona kwanga, sizoyenera kulimbana nazo pa laputopu ya ARM. Labu ya Active Directory yofuna Windows Server, imene Microsoft siigulitsa ya ARM, kapena labu ya netiweki ya EVE-NG, imene ndi ya x86 ndipo imayendetsa makina ena ambiri m'kati mwake, zikatsanziridwa zimachedwa mpaka phunziro lenilenilo limasowa nthawi. Pa zimenezi kompyuta yakale ya Intel yokhala ndi memori ya magigabaiti 16, yoikidwa Proxmox kapena Linux ndi KVM zoyendetsera makina ongoyerekeza n'kumaifikira kuchokera pa laputopu kudzera pa netiweki, imagwira ntchito bwino kuposa Mac yodula imene ikutsanzira, ndipo seva ya x86 yobwereka pa intaneti yolipira pa ola ikhoza kukwanira ngati phunzirolo ndi la masiku ochepa.